Sitovu imodzi, ndalama zochepa, filiji palibe: mafunso ndi mayankho a wophunzira wodziphikira ku Lusaka

Mayankho awa alembedwera wophunzira wokhala m'kachipinda ka lendi ku Kalingalinga, Mtendere kapena Ng'ombe, kaya pa bodingi ya pafupi ndi UNZA kapena Evelyn Hone, yemwe katundu wake wa kukhitchini ndi sitovu yamagetsi ya puleti imodzi, mapoto awiri, mthiko ndi mpeni. Tikuyerekeza kuti filiji mulibe. Amene ali nayo, funso lawo lili chakumapeto.

Kodi ndingaphike chakudya cha sabata yonse Lamlungu n'kumangotenthetsa?

Popanda filiji, ayi. Chakudya chophika chikazizira n'kukhala m'chipinda, tizilombo timayamba kuswana m'menemo, ndipo a zaumoyo amalangiza kuti chisapitirire maola awiri chili panja chosatentha. Mu Juni ndi Julaye kuzizira kumakuthandizani pang'ono. Mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30 ndi kupitirira pansi pa malata, nyemba zophika m'mawa n'kuzisiya patebulo zimatha kusasa dzuwa lisanalowe.

Choncho kukonzeratu kwa munthu wopanda filiji n'kwina. Zimene mumakonzeratu ndi zinthu zouma, zomwe siziwonongeka: kapenta wokazinga, nsinjiro, mtedza wokazinga, nyemba zosankha kale. Zinthu zaziwisi mumazindandalika malinga ndi chimene chimayamba kufota. Kuphika kwenikweni kumachitika tsiku ndi tsiku, koma kumatenga mphindi 30 kapena 40 basi chifukwa ntchito yochedwetsa munaichita kale.

Nanga tsiku lokonzeratulo ndizichita chiyani kwenikweni?

Tengani Loweruka masana mukangochoka kumsika. Ntchito yonse ndi ya ola limodzi ndi theka, ndipo sitovu imayaka mphindi zosakwana 30.

Yambani ndi kapenta. Musankheni, muchotse timiyala ndi zinyalala, mumutsuke mwachangu m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere wowonjeza zichoke, kenaka mumukazinge m'poto wopanda mafuta pa moto wochepa, mukutembenuza mpaka atauma gwa, kuti mukamuthyola azithyoka. Mudikire azizire kaye ndipo mumuike m'botolo louma lotseka bwino. Akatsekeredwa ali wofunda, nthunzi imabwerera m'botolomo ndipo amachita nkhungu. Kapenta wotere amakhala sabata yonse, ndipo tsiku lomudya amangofuna anyezi, tomato ndi mphindi zisanu pamoto.

Poto akadali wotentha, kazingani makapu awiri a mtedza. Umenewu ndi wokukuta masana kusukulu. Wotendera ndiwo ndi wothira m'phala, sinjani wauwisi ngati pabwalo pali mtondo, apo ayi gulani nsinjiro zosinja kale, koma za sabata imodzi yokha chifukwa mafuta ake amayamba kununkha zikakhalitsa. Posankha mtedza musakhale ndi chisoni. Wofwaipa, wakuda, wachuku kapena wowawa tayani, chifukwa chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi yemwe safa ndi moto.

Nyemba zisankheni zonse nthawi imodzi, muziike m'timapepala kapu imodzi imodzi. Masamba musawatsuke kapena kuwadula lero, chifukwa odula amafota msanga. Akulungeni m'kansalu konyowa pang'ono n'kuwaika pakona yozizira, pansi pa simenti. Tomato muyale, asaunjikane, ndipo asakhale m'pulasitiki.

Ndigule chiyani, ndipo zochuluka bwanji, ndili ndekha?

Tiyeze ndi kapu ya tiyi ya mamililita 250, yomwe imatenga ufa pafupifupi magalamu 140. Phala la m'mawa limafuna theka la kapu. Nsima ya munthu mmodzi wodya bwino imafuna kapu imodzi ndi theka. Ngati masiku asanu a sukulu mukudya phala ndi nsima kamodzi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu nsima kawiri, ndiye makapu 17, omwe ndi makilogalamu awiri ndi theka osakwana. Thumba la makilogalamu 10 likufikitsani mwezi. Ngati thupi lanu ndi la nsima kawiri tsiku lililonse, thumba lomwelo litha pa sabata zitatu.

Ufa wa rola ndi wotsika mtengo kuposa wa bulekifasi, umakhutitsa, komanso uli ndi chakudya chambiri chifukwa gaga sachotsedwa yense. Vuto lake n'lakuti sukhalitsa ngati woyera uja. N'chifukwa chake thumba la makilogalamu 25 ndi labwino mukagawana awiri kapena atatu. Mukaligula nokha, mwezi wachiwiri mudzakumana ndi anankafumbwe ndi fungo.

Zina za sabata imodzi ndi izi: makapu awiri a nyemba, kapenta wokwana manja atatu odzaza, paketi imodzi yaing'ono ya masoya, mazira asanu ndi limodzi, makapu awiri a mtedza wokukuta ndi kapu ya nsinjiro, kabichi mmodzi wamng'ono wolimba, mpukutu wa repu, mpukutu wa chibwabwa kapena bondwe, kamulu ka impwa, anyezi anayi, tomato asanu ndi atatu, ndi kandolo wokwana masiku anayi. Saladi, mukamathira masipuni akulu atatu patsiku, botolo la mamililita 750 limapitirira sabata ziwiri.

Pa tomato pali nzeru ina yomwe amayi a pamsika amaidziwa. Musagule onse akupsa. Tengani atatu ofiira, atatu oyezuka ndi awiri obiriwira, kuti azipsa motsatana ndi masiku.

Ndalama ndizigawa bwanji, ndipo ndizigula kuti?

Mitengo ya ufa ndi saladi imasintha pafupipafupi, ndiye gwiritsani magawo m'malo moloweza mitengo. Pa K100 iliyonse ya chakudya, K60 ipite ku zouma, K25 ku zaziwisi ndi mazira, K15 ku moto, kaya mayuniti kaya malasha. Gawo la zoumalo ligwiritseni ntchito tsiku lomwe ndalama yalowa pafoni. Ufa, nyemba, kapenta, masoya, saladi, mchere ndi shuga zikakhala m'chipinda, ngakhale mutasauka chotani pa 25 simugona ndi njala. Gawo la zaziwisi ligaweni panayi ndipo muzitulutsa gawo limodzi Loweruka lililonse.

Chimene chimamaliza ndalama za ophunzira ambiri si nyama ayi, ndi pamela. Kapaketi ka ufa ka tsiku limodzi ndi kasaladi koyezera pa kantemba zimaoneka zotchipa, koma mukawonkhetsa za mwezi mumapeza kuti mwalipira kuposa mtengo wa thumba ndi botolo.

Ku msika wa Soweto zinthu zimatsika mtengo, makamaka m'mamawa alimi akangotsitsa katundu. Koma werengerani ya basi kupita ndi kubwera. Ulendo wa ku Soweto ukhale wa kamodzi pamwezi, wa zouma, ndipo ndi bwino mutasonkherana ndi anzanu n'kugula meda ya nyemba kapena ya kapenta kuti mugawane. Masamba a sabata guleni pamsika wa kwanu konko. Kukwera basi chifukwa cha mpukutu wa repu n'kuluza.

Tandiuzeni mmene sabata yonse iziyendera.

Lamulo ndi limodzi: chofota msanga chidyedwe msanga, cholimba chidikire, chouma chitseke sabata. M'mawa uliwonse ndi phala lothira masipuni awiri a nsinjiro, lomwe limakusungani mpaka masana kuposa tiyi ndi buledi.

Loweruka madzulo phikani chibwabwa kapena bondwe wotendera, chifukwa masamba amenewa sagonera kawiri. Musanagone viikani kapu imodzi ya nyemba. Lamlungu ndi tsiku la nyemba: muziphika m'mawa, mudya masana ndi theka la repu, n'kudyanso madzulo. Lolemba madzulo ndi kapenta ndi repu yotsala, yomwe ikafika Lachiwiri imakhala itayamba chikasu. Lachiwiri ndi masoya ndi impwa. Lachitatu mutsegula kabichi n'kukazinga mazira awiri ndi tomato, ndipo usiku muviika kapu yachiwiri ya nyemba. Lachinayi ndi nyemba ndi kabichi. Lachisanu ndi kapenta wotsala, wotendera kapena wa supu, ndi chilichonse chomwe chatsala mudengu.

Nkhomaliro ya masiku a sukulu ndiyo imabera anthu ndalama, chifukwa njala ikakupezani pakati pa makalasi mumagula chipisi kapena vitumbuwa ndi chakumwa. Ndiye m'mawa, phala likangochoka pamoto, ikani kandolo awiri odula pakati ndi dzira limodzi m'poto mmodzi. Dzira mulivuule pakatha mphindi 10, kandolo apitirize mpaka foloko italowa, mphindi ngati 20. Apa n'kuti inu mukusamba ndi kuvala. Nyamulani zimenezi ndi dzanja la mtedza, dzira likhale ndi chikamba chake, ndipo mudye masana omwewo. Mazira anayi otsala aja ndi a Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu. Kandolo amachuluka ndi kutchipa kuyambira chakumapeto kwa dzinja mpaka nyengo yozizira. Akasowa, mbatatesi kapena chinangwa zilowe m'malo, ndipo nthawi ya mango musadzivutitse.

Ngati Lachinayi mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, musaphike nyemba m'mawa. Ziviikeni potuluka, theka la kapu lokha, mudzaziphike pobwera.

Nyemba zimandithera mayuniti. Ndizisiye?

Musazisiye, chifukwa ndi imodzi mwa ndiwo zomanga thupi zotchipa kwambiri. Chimene chikufunika n'kusintha kaphikidwe. Puleti ya mawati 1000 ikayaka ola lathunthu pa moto waukulu imadya yuniti imodzi, ya mawati 1500 imadya yuniti ndi theka. Nambalayi yalembedwa pansi pa sitovu yanu. Nyemba zosaviika zimatha kutenga maola atatu, makamaka kuno ku Lusaka komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndipo madzi amawira asanafike madigiri 100. Kumeneko n'kutaya mayuniti pa ndiwo za munthu mmodzi.

Viikani kapu imodzi m'makapu atatu a madzi kwa maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madziwo, thirani atsopano opitirira nyembazo ndi zala zitatu, n'kuika pa moto waukulu. Zikayamba kubwata, zibwate mwamphamvu mphindi 10 zathunthu. Apa musadumphe: nyemba, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachibadwa yemwe amafa pokhapokha zikabwata kwambiri, ndipo zongofunditsidwa zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Kenaka chepetsani moto, zipitirize mphindi 20 chivundikiro chili pompo.

Tsopano zimitsani sitovu. Osatsegula poto, mukulungeni ndi chitenje chakale, kenaka bulangeti, mumuike m'katoni kapena m'beseni, pansi mutayala nsalu. Kutentha komwe kuli m'katimo kumapitiriza kuphika. Pakatha maola atatu kapena anayi nyemba zimakhala zitafewa, ndipo magetsi mwagwiritsa a mphindi 40 zokha. Poto akhale wodzaza ndithu ndi madzi, chifukwa wa madzi ochepa amazizira msanga. Pomutsegula ayenera kukhala wotentha woti simungamugwire ndi manja, nthunzi ikutuluka. Mukamupeza ali wofunda chabe, ndiye kuti munachedwa kapena simunakulunge bwino. Mulimonsemo, zibwatitseninso musanadye.

Tomato musathire nyemba zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu lake ndipo mudzadikira mpaka kutopa. Soda amafewetsadi, koma amawononga ena mwa mavitamini ndi kukoma komwe, ndiye musungireni delele. Nyemba zikakana kufewa ngakhale mwaviika ndi kukulunga, vuto si inu. Ndi zakale, zagonera m'nkhokwe. Pogula sankhani zowala khungu, zosakwinyika ndi zopanda timabowo, kaya ndi Kabulangeti, Solwezi kapena za ku Mbala.

Nyemba zatsala usiku. Ndingadye mawa?

Ndinanena kuti muziphika kapu imodzi pofuna kupewa funso lomweli. Kapu imodzi imapereka magawo awiri aakulu, mwina ndi kotsalira. Masana patulani gawo lomwe mudye, mulikazinge ndi anyezi ndi tomato m'poto wina. Zotsala m'poto wamkulu zikhale zopanda zokometsera, zibwatenso n'kubwerera m'bulangeti kufikira madzulo. Supuni yomwe yalowa m'kamwa isabwerere m'poto.

Kwathu tinazolowera kubwatitsa ndiwo usiku, kuvundikira, n'kubwatitsanso m'mawa. Njira imeneyi imachepetsa ngozi koma siithetsa, chifukwa tizilombo tina timapirira moto ndipo timadzuka poto akazizira. Mu nyengo yozizira, kotsalira kobwatitsa usiku n'kubwatitsanso mphindi 10 m'mawa mungadye pa kadzutsa. Kasapitirire pamenepo. Mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala malizani zonse usiku womwewo kapena mupatseni mnzanu wa chipinda chinacho.

Nyemba zowonongeka zimanunkha kusasa, zimachita thovu pamwamba poto ali wozizira, ndipo msuzi wake umanata ngati delele. Mukaona chimodzi mwa izi tayani, osalawa, ndipo musaganize kuti kuzikazinga kuzikonza. Dziwaninso kuti chakudya chikhoza kukudwalitsani chisanayambe kununkha, ndiye muziwerenga maola, osadalira mphuno yokha.

Puleti ndi imodzi. Ndiyambe ndiwo kapena nsima?

Ndiwo ziyambe, nsima itsirize. Ndiwo zimadikira m'poto wovundikira, koma nsima ikadikira imauma pamwamba. Dulani zonse sitovu isanayake. Kazingani kapenta kapena masoya, mupungulire m'mbale n'kuvundikira. M'poto yemweyo, osatsuka, phikani masamba ndi mafuta otsalira aja, mphindi zisanu. Kenaka poto wa nsima akwere.

Masoya ali ndi kachinsinsi kake. Aviikeni m'madzi otentha mphindi 10, muwafinye mpaka madzi atatha, muwakazinge afiirire, ndiye tomato alowe. Mukawaponya m'supu osakazinga amakoma ngati siponji, ndipo n'chifukwa chake ena amadana nawo.

Puleti yachitsulo imachedwa kutentha ndiponso imachedwa kuzizira. Zimitsani mukangomaliza kuvundula nsima, ivundikireni, ipsa yokha ndi kutentha kotsala. Mukaomola, ikani pomwepo madzi otsukira mbale. Ngati muli ndi ketulo yamagetsi, wiritsirani m'menemo madzi a nsima pamene ndiwo zili pamoto, koma onetsetsani kuti ketulo ndi sitovu sizili pa adaputala imodzi. Pulagi ikamatentha kapena kununkha pulasitiki, zimitsani msanga.

Magetsi akathima ndiye zonsezi zathera pomwepo?

Amene anali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, akudziwa kuti malaiti amatha kubwera pakati pa usiku n'kupita kusanache. Pa nthawi zotere dongosolo la ZESCO ndilo limalamula poto. Magetsi akabwera, chiyambe ndi chofuna moto wautali, ndiye kuti nyemba ndi kandolo, kenaka madzi a mu fulasiki. Bulangeti lija apa limagwira ntchito kawiri, chifukwa nyemba zobwatitsa 5 koloko m'mawa zimapsa magetsi kulibe. Zouma zija nazonso zimakupulumutsani: kapenta wokazinga kale ndi tomato wodula ndi anyezi ndi ndiwo zosafuna moto.

Ngati pomwe mukukhala amalola, kambaula kakang'ono ndi kathumba ka malasha n'zofunika. Mukamaliza kuphika zimitsani makala otsala powakwirira ndi mchenga kapena phulusa, mudzawayatsenso mawa. Koma mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ngakhale mu Julaye kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo anthu amafera m'tulo momwemo. Phikirani panja, ndipo mbaula igone panja.

Nsima kapena mpunga wotsala ndingasunge?

Nsima ya usiku mungaiphwanye m'madzi m'mawa n'kuibwatitsa bwino kukhala phala, ndipo mwasunga theka la kapu ya ufa. Ikanata kapena kusasa, itayeni.

Mpunga ndiye wosakhulupirika. Uli ndi tizilombo topirira kuphika, ndipo ukagona wofunda timatulutsa poizoni yemwe kutenthetsa sikumuchotsa. Phikani theka la kapu, wokwana kudya nthawi imodzi.

Nanga nthawi ya mvula, kolera ikamveka m'makomboni?

Lusaka inavutika ndi kolera mu dzinja la 2017 kulowa 2018, ndiponso la 2023 kulowa 2024 pamene bwalo la Heroes linasandutsidwa malo othandizirapo odwala. Mu nyengo imeneyi dongosolo lisinthe pang'ono. Madzi akumwa awiritseni kapena muthire kolorini motsatira muyezo wolembedwa pabotolo. Tomato wosaphika uja ndinatchula msiyeni, chilichonse chipse ndipo chidyedwe chotentha. Mango atsukeni ndi madzi otetezedwa n'kusenda. Tomato amakweranso mtengo nthawi ya mvula, ndiye tembenukirani ku ndiwo zotendera, zomwe tomato mmodzi amakwana.

Ndatopa ndi ndiwo zomwezomwezo, ndipo ndalama yatsala pang'ono kutha. Nditani?

Sinthani kaphikidwe, osati zogula. Kapenta yemweyo lero akhale wouma wa anyezi ndi tsabola, mawa wa supu, tsiku lina wotendera. Nyemba mungazikanye ndi mthiko zikhale phala lothina lodyera kandolo. Kabichi wotendera anthu ambiri samuganizira, koma amakoma ndipo safuna saladi n'komwe, zomwe zimathandiza botolo likafika pansi.

Pokonzekera sabata yomaliza ya mwezi, gwiritsani ntchito dzuwa. Masamba akatchipa gulani mipukutu iwiri yowonjezera ya chibwabwa kapena khwanya, muwaviike m'madzi obwata amchere mphindi ziwiri kapena zitatu, muwayanike pathumba loyera mpaka atauma oti n'kufumbutuka m'manja. Mfutso umenewu umakhala miyezi m'botolo louma. Ndi nsinjiro ndi nsima, ndi mgonero wathunthu wosafuna kupita kumsika. Izi zimatheka nyengo yopanda mvula. Mu Januwale masamba amachita nkhungu asanaume. Ndipo mukapita kumudzi pa holide, kaya ku Chipata, Katete kapena Chadiza, pemphani agogo mfutso, mtedza ndi nyemba m'malo mwa nkhuku.

Pa bodingi pathu pali filiji ya tonse. Chimasintha n'chiyani?

Chachikulu n'chakuti makapu awiri aja a nyemba mungawaphike limodzi Lamlungu. Zigaweni m'timabokosi tosaya kuti zizizire msanga, zilowe mufiliji pasanathe maola awiri. Za pashelefu zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi, za Lachinayi ndi Lachisanu zipite mufiriza. Mungakazingiretu supu ya tomato ndi anyezi ya masiku atatu, ndipo kuphika kwa madzulo kumafupika ndi theka.

Koma filiji ya anthu khumi imatsegulidwa kosalekeza, ndipo magetsi akathima imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha, ikakhala yotseka. Akathima tsiku lonse, zophika za pashelefu ziyeseni ngati zagona panja. Za mufiriza zikadali ndi ayezi m'kati mungaziphike tsiku lomwelo. Lembani dzina ndi tsiku lophikira pa kabokosi kalikonse, ndipo mazira osatsuka, kapenta ndi nsinjiro zisiyeni m'chipinda chanu, popeza sizifuna filiji ndipo za m'khitchini ya gulu zimatha msanga.